Ndabweza pulogalamu yakale koma zinthu zaipiratu, ndipo abwana akufuna lipoti Lolemba

Wosatchula dzina: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru, ndipo mundikhululukire ngati ndatalikitsa. Ndimalemba mapulogalamu pa kampani ina yaing'ono ku Randburg yomwe imagulitsa katundu pa intaneti. Pa ntchitoyi tilipo atatu, koma mkulu wathu ali pa tchuthi, ndipo mnzanga winayo amaweruka 3 koloko Lachisanu lililonse popanda womufunsa, pamene ine amene ndimakwera matakisi awiri kukafika ku Rosettenville ndimatsala ndekha mpaka mdima. Malipiro sanandikwezere chilowereni ntchito. Lero abwana anandiumiriza kuti nditulutse pulogalamu yatsopano chifukwa ndi kumapeto kwa mwezi, ndipo ndinaitulutsa 15:40. Itakwana 16:05 mayi amene amayankha mafoni anabwera kudzandiuza kuti makasitomala ena akukanika kumaliza oda, tsamba likuwauza kuti nambala yawo ya foni ndi yolakwika. Ndinaganiza zobwerera ku pulogalamu yakale, ndipo 16:20 ndinalemba izi:

```
kubectl rollout undo deployment/shop
```

Apa ndiye zinaipiratu, chifukwa aliyense anayamba kulandira uthenga wa cholakwika cha 500, ngakhale aja amene amagula bwinobwino. Ndi mantha ndinalembanso lamulo lomwelo 16:32, yatsopano ija inabwerera, ndipo tsopano ena akugula, ena akukanika. Abwana aima kumbuyo kwanga ndi makiyi a galimoto m'manja, ndipo akuti Lolemba akufuna lipoti lonena amene walakwitsa. Ndichite chiyani?

Katswiri wa ku Sandton: Achimwene, safunsa adadya phula. Munthu wanzeru satulutsa pulogalamu Lachisanu masana, ndipo ine pa zaka zonse zomwe ndagwira ntchitoyi sindinachitepo zimenezo. Vuto lanu lenileni ndi Kubernetes. Anthu atatu mukuifuniranji? Seva imodzi ikanakukwanirani. Panopa chitani `git reset --hard` kubwerera pa `commit` ya dzulo, mukankhe ndi `git push --force`, nkhani yatha.

Mayi wa ku Midrand: Achimwene ofunsa, musachite zimenezo pa `main`. Mufafaniza mbiri imene mudzaifune polemba lipoti, ndiponso sizithandiza, chifukwa pulogalamu ya dzuloyo ndi yomwe yangokupatsani 500. Funso langa ndi limodzi, ndipo mwatiuza za matakisi koma ili simunalikhudze: kodi pulogalamu yatsopanoyo inasintha kanthu mu detabesi? Tsegulani zolemba za seva za pakati pa 16:20 ndi 16:32 mutikopere mzere woyamba wosonyeza cholakwika.

Mnyamata wa ku Ntcheu: Ngati makasitomala adandaula, ingowabwezerani ndalama zawo msanga. Ine ndinkagulitsa mafoni ku Small Street, ndipo ndinaphunzira kuti kasitomala wa ku Joni ukachedwa kumubwezera amakulemba pa intaneti tsiku lomwelo.

Mayi wa ku Midrand: Achimwene a ku Ntcheu, kubweza kumene akunena kuno si kwa ndalama. Anthuwo sanalipire n'komwe, akukanika asanafike polipira.

Katswiri wa ku Sandton: Amayi, inu mukufunsa mafunso pamene kampani ikutaya ndalama mphindi iliyonse. Mudziwe kuti Knight Capital ya ku America inataya madola oposa 400 miliyoni m'mphindi 45 pa 1 Ogasiti 2012 chifukwa cha pulogalamu yoipa. Lamulo ndi limodzi: bwezani kaye, mafunso pambuyo.

Mayi wa ku Midrand: Bambo, nkhani mwaitchulayo ikutsutsa inu nomwe. Kumeneko pulogalamu yatsopano inaikidwa pa maseva 7 mwa 8, ndipo atasokonezeka anaichotsa pa 7 aja amene anali bwino, vuto n'kukula. Kubweza kaye ndi nzeru yabwino nthawi zambiri, ndikuvomereza, koma pokhapokha ngati kumene mukubwererako kukadali momwe munakusiyira.

Bambo wa ku Kempton Park: Ine zinandionekerapo zofanana ndi izi pamene ndinali pa kampani ina yonyamula katundu. Ndinalemba `rollout undo` katatu konse osaona kusintha kulikonse, mpaka ndinayamba kukayikira netiweki. Vuto linali lakuti pulogalamu yakale ndi yatsopano zonse tinkazitchula `latest`, choncho makina ankakoka yatsopano yomweyo nthawi iliyonse. Usiku umenewo ndinagona pa mpando wa mu ofesi. Onani ngati inunso simukugwiritsa ntchito `latest`.

Mayi wa ku Midrand: Chenjezo lanu ndi loona, bambo, koma la tsiku lina. Iwo atabweza zinthu zinasintha, kutanthauza kuti yakale ija inabwereradi.

Wosatchula dzina: Pepani amayi, ndinachedwa chifukwa abwana amandilankhula. Mzere wake ndi uwu:

```
ERROR: column "phone" does not exist
```

Ndakumbukira tsopano. Mnzanga uja anasintha dzina la kolamu mu tebulo la `orders`, kuchoka pa `phone` kupita pa `phone_number`, ndipo kusinthako kumachitika kokha pulogalamu yatsopano ikamatuluka. Sindinaganize kuti n'zofunika kutchula. Timagwiritsa ntchito PostgreSQL.

Mayi wa ku Midrand: Ndiye gwero lake ndi limenelo. Lamulo la `rollout undo` limabweza pulogalamu yokha, detabesi silimaikhudza. Pulogalamu yakale inadzuka n'kufunafuna `phone`, sinaipeze, ndipo oda iliyonse inagwa. Mwayi wanu ndi wakuti kusintha dzina sikutaya kanthu: manambala onse akadali momwemo, kuphatikizapo a maoda amene alowa kuyambira 15:40. Akanakhala kuti anafufuta kolamuyo ndikanakuletsani kubwerera m'mbuyo.

Chitani motere. Uzani kaye abwana ndi mayi wa mafoni uja kuti kwa mphindi imodzi kapena ziwiri tsamba ligwa kwa aliyense, kuti asadzidzimuke. Kenako bwezani dzina la kolamu, makamaka kudzera m'chida chomwe chinalisintha ngati mnzanuyo analemba njira yobwerera, chifukwa chidacho chimasunga kaundula wake wa zosintha zomwe zachitika. Ngati sanalembe, chitani pamanja:

```sql
SET lock_timeout = '5s';
ALTER TABLE orders RENAME COLUMN phone_number TO phone;
```

Mzere woyambawo musausiye. Kusintha dzina kumatenga kanthawi kochepa kwambiri, koma kumafuna kutseka tebulo lonse, ndipo ngati pali funso lina lalitali lomwe likuwerenga tebulolo, lamulo lanu lidzaima pa mzere ndipo maoda onse adzaima kumbuyo kwake. Likakanika pakatha masekondi 5, yesaninso. Likangotheka lembani `rollout undo` nthawi yomweyo, kamodzi kokha, chifukwa mwaona kale kuti kulemba kawiri kumakubwezerani ku yoipa ija. Mukatero musakhulupirire kuti zatheka chifukwa choti tsamba latseguka. Gulani kanthu nokha ndi nambala yonga ija imakanidwa, muone oda ikulowa mu tebulo.

Katswiri wa ku Sandton: Zonsezi n'kuzungulira. Kukhudza detabesi pamanja Lachisanu madzulo ndi kuputa mavu. Ngati vuto ndi kachidutswa koyesa nambala ya foni, achotseni kameneko basi, atulutse pulogalamu yokonzedwa, apite kwawo. Ine ndikanamaliza kalekale.

Mayi wa ku Midrand: Apa mwanena zomveka, bambo, ngakhale mwasintha nyimbo, poyamba paja munkati abweze kaye. Njira imeneyo ndi yabwino ngati akudziwa bwino mzere wolakwikawo ndipo kutulutsa kwawo n'kwachangu. Achimwene, kumanga ndi kuyesa pulogalamu kumakutengerani nthawi yaitali bwanji?

Wosatchula dzina: Pafupifupi mphindi 25, ndipo kachidutswako analemba ndi mnzanga uja, yemwe foni yake ikungoitana. Ndatsata njira yanu, amayi. Ulendo woyamba linakanika, wachiwiri linatheka. Nthawi ya 17:48 ndagula sopo ndi nambala yoyamba ndi 0 yokhala ndi mipata pakati, ndipo oda yalowa. Zikuoneka kuti yatsopano ija imakana nambala iliyonse yokhala ndi mpata. Abwana apita.

Mnyamata wa ku Ntcheu: Sopoyo musaiwale kukatenga, achimwene, mwamugwirira ntchito.

Mayi wa ku Midrand: Musanatseke kompyuta, chitani `git revert` pa zosinthazo, apo ayi munthu woyamba kukankha kanthu Lolemba adzatulutsanso vuto lomweli. Popeza dzina mwalibweza pamanja, konzaninso kaundula wa chida chija, chifukwa iye akudziwabe kuti kolamuyo ndi `phone_number`.

Za lipoti, tsamba limodzi likwanira, ndipo mndandanda wa nthawi muulembe usiku uno mutu ukadali ndi zonse. Samalani kuti maseva ambiri amalemba nthawi ya UTC, yomwe imatsalira maola awiri pa nthawi ya kuno, choncho 16:20 yanu mukhoza kuipeza yolembedwa 14:20. Yambani ndi zomwe makasitomala anakumana nazo: kuyambira 15:40 mpaka 17:48 ena ankakanika, ndipo kwa mphindi 12 onse anakanika. Pa mfundo iliyonse lembani zomwe munthuyo ankaona pa nthawiyo. Musalembe kuti uje anasintha kolamu mosasamala. Lembani kuti kusintha dzina la kolamu kunatuluka limodzi ndi pulogalamu, ndipo panalibe chilichonse chouza wobweza kuti yakale singagwirenso ntchito. Lembaninso kuti vutoli linadziwika kudzera pa foni patapita mphindi 25, osati kudzera pa chenjezo la makina. Zoyenera kukonza zikhale ziwiri kapena zitatu, chilichonse ndi mwini wake ndi tsiku lake. Chachikulu n'chakuti dzina la kolamu lizisinthidwa pang'onopang'ono: muonjezere yatsopano, pulogalamu izilemba monsemo, mukopere zakale, ndipo kolamu yakale muichotse pa kutulutsa kwina patapita masiku.

Katswiri wa ku Sandton: Lipoti losatchula wolakwa ndi kulera ulesi. Mnyamata anathawa 3 koloko uja dzina lake lilembedwe ndi zilembo zazikulu. Kopanda chilango anthu saphunzira.

Bambo wa ku Kempton Park: Kwathu kuja anatchula dzina langa pa msonkhano, bambo, ndipo chimene ndinaphunzira ndi kubisa. Patapita miyezi ndinalakwitsanso kanthu kena, ndinakakonza mwakachetechete usiku, ndipo mpaka ndinachoka palibe anadziwa kuti dzenje limenelo lilipo.

Katswiri wa ku Sandton: Limenelo ndi khalidwe lanu, musanamizire lipoti.

Wosatchula dzina: Zikomo nonse. Mndandanda wa nthawi ndalemba, ndipo zolemba za seva zinalidi pa UTC. Chimene chikundisowetsabe mtendere n'chakuti abwana anafunsa dzina, osati tsamba lofotokoza za kolamu. Ndipo ndikalemba kuti panali chikakamizo chotulutsa lero chifukwa cha kumapeto kwa mwezi, amene anakakamizayo ndi iwo omwe adzawerenge lipotilo. Mzere umenewo ndiuikemo kapena ndiusiye?

Mayi wa ku Midrand: Ine ndikanauika, koma motere: tsiku lotulutsa linasankhidwa kuti lifanane ndi malonda a kumapeto kwa mwezi, pa nthawi imene mu ofesi munali wolemba mapulogalamu mmodzi. Abwana anuwo mukuwadziwa ndinu. Mkulu wanu wa pa tchuthiyo akubwera liti?

Wosatchula dzina: Lachitatu, amayi. Lipoti akulifuna Lolemba 9 koloko m'mawa.