Makapasita akutupa kachitatu, ndigule aakulu bwanji?

Wosatchula dzina: Akuluakulu ndithandizeni, mutu wandizungulira. Ndimayang'anira fakitale yofinya mafuta a soya ku Kanengo. Thiransifoma yathu ndi ya 315 kVA, timadya 200 kW, pawa fakita ili pa 0.75, ndiye bilu ya kVA ikutipweteka. Tinaika bokosi la makapasita la 150 kVAr kuti tikweze pawa fakitayo, koma atupa kachitatu, mafyuzi akungopsa, usiku bokosilo limalira ngati njuchi. Amene anatiikira ndi mlamu wa abwana, foni sakuyankha, ndipo abwana akundiyang'ana ngati ndine ndikuwotcha. Malipiro a mwezi watha sanabwerebe, mwana ali ku sekondale. Kodi ndingogula a 200 kVAr?

Mfumu Yamawaya: ACHIMWENE, MUNAGULA ZOTCHIPA BASI! Ine zaka zonse ndagwira ntchito ku Joni sindinaonepo kapasita yeniyeni ikutupa. Tayani zonsezo!

Nachisale wa ku Zomba: Kwathu chigayo chinapsa ndi mphenzi chaka chatha, mota yonse kununkha. Onani waya wa pansi bambo.

Mfumu Yamawaya: Mayi, mphenzi ingamenye bokosi limodzi katatu, kusiya zina zonse? Ndanena kale, katundu wabodza.

Gogo Injiniya: Funso limodzi musanagule kanthu. Mamota anu amayaka mwachindunji kapena pali madirayivu osintha liwiro?

Wosatchula dzina: Alipo awiri, pa makina ofinyira. Anabwera bokosi litaikidwa kale. Ndimayesa sizikukhudzana.

Gogo Injiniya: Nkhani yonse yagona pomwepo. Madirayivu amatulutsa mahamoniki, mafunde a magetsi othamanga kangapo kuposa 50 Hz ya nthawi zonse, makamaka yachisanu ya 250 Hz ndi yachisanu ndi chiwiri ya 350 Hz. Kapasita ndi thiransifoma zikakhala pamodzi pamakhala malo amene zimavinirana, mphamvu n'kumangokankhana pakati pawo. Werengani pachitsulo cha thiransifoma. Ngati impidansi yake yalembedwa 4%, ndiye 315 kugawa ndi 0.04 ndi 7,875. Kenako tipeze h, nambala ya hamoniki pamene zimavinirana:

```
h = √(7875 / 150) ≈ 7.2
```

Mwaona? Masitepe onse a makapasita akalowa, bokosi lanu limagwera pafupi ndi hamoniki ya 7. N'chifukwa chake likulira ndi kutupa. Mukaika 200 kVAr mutsikira pa 6.3, pakati pa 5 ndi 7, moto womwewo.

Mfumu Yamawaya: NDIYE AIKE RIYAKITA YA 14% PA MAKAPASITA OMWEWO, NKHANI ITHE. Masamu onsewa ndi a chiyani?

Gogo Injiniya: Pa omwewo ayi, angaphulike. Riyakita, koyilo yoikidwa motsatana ndi kapasita kuti itsitse malo ovinirana aja, imakwezanso voteji pa kapasita. Ya 7% imasandutsa 400 V kukhala 430 V, ya 14% imafikitsa pa 465 V, mahamoniki tisanawaonjezere n'komwe. Kapasita yolembedwa 400 V kapena 415 V singapirire. Komanso 14% imatsitsa malo ovinirana aja kufika 134 Hz, imafunika pamene hamoniki yachitatu yachuluka, monga m'nyumba za maofesi zodzaza makompyuta. Pa madirayivu a mafezi atatu 7% imakwana, imakhala pa 189 Hz, pansi pa yachisanu.

Mfumu Yamawaya: Ku Joni timaika 14% paliponse ndipo palibe chinapsa.

Kamnyamata ka Poly: Agogo, ine ndawerengera kukula kwake. Kukweza pawa fakita kuchoka pa 0.75 kufika pa 0.95 ndi `200 × (0.882 − 0.329)`, pafupifupi 110 kVAr. Ndiye agule makapasita olembedwa 110 kVAr a 480 V, si choncho?

Gogo Injiniya: 110 yo mwalondola mwana wanga, koma mwaterereka pomaliza. Kapasita ya 480 V ikagwira pa 400 V sipereka zonse zolembedwa. Pamodzi ndi riyakita ya 7% imapereka `(400/480)² / 0.93`, ndiye kuti magawo atatu mwa anayi. Kuti mupeze 110 yeniyeni, zolembedwa zikhale pafupifupi 147 kVAr. Wogulitsa mum'funse mwachindunji kuti akutchula ya pa 400 V kapena ya pachikopa cha kapasita. Muigawe masitepe, iliyonse ndi riyakita yake, ndipo musasiyemo ngakhale sitepe imodzi yopanda riyakita. Bokosi likhale ndi fani, mariyakita amatentha.

Chimene chikundikayikitsa ndi 0.75 yo. Ngati mbali ina yatsika chifukwa cha mahamoniki a madirayivuwo, kapasita siikonza mbali imeneyo, ndipo 110 ikhoza kuchuluka. Bwerekani makina oyezera mahamoniki, akhale pa bolodi sabata yathunthu.

Bambo a Chisomo: Ikani sola muiwale zonsezi. Koma za malipirozo pitani ku ofesi ya zantchito, musamangopirira.

Nachisale wa ku Zomba: Ine ndikuti waya wa pansi muuonebe.

Wosatchula dzina: Zikomo agogo. Makinawo abwana sangalole kulipira sabata yonse, tsiku limodzi silingakwane? Nanga magetsi akazima timayatsa jenereta bokosi lili chiyakire, pamenepo palibe vuto?

Gogo Injiniya: Lipo. Pa jenereta bokosilo lizikhala lozimitsa. Lero lomwe lizimitseni, ndipo musagwire mkati musanayeze ndi mita kuti makapasita atsitsa moto.

Mfumu Yamawaya: JENERETANSO? Bwanji simunanene poyamba achimwene!