Ndere zija zatha: zomwe ndapeza pa chidebe cha madzi akumwa

Mwezi watha ndinafunsa kuti: "Madzi akumwa m'chigubu changa choyera cha pulasitiki akubiriwira pansi pakangotha sabata. Kodi ndigule chachitsulo?"

Zikomo nonse amene munandiyankha. Vuto silinali pulasitiki ayi, linali kuwala. Ndere zili ngati zomera, zimafuna dzuwa kuti zikule, ndipo chigubu choyera chimalola kuwala kudutsa. Changa chinkakhala pafupi ndi zenera. Ndinayesa momwe wina anandiuzira: kuunika ndi tochi kunja kwa chigubu kwinaku ndikusuzumira pakamwa pake. Kuwala kunkaoneka mkati bwinobwino.

Ndiye ndinagula cha pulasitiki chakuda, chomwe tochi sidutsa. Pansi pake pali nambala 2 mkati mwa timivi titatu, ndi zilembo HDPE, komanso chizindikiro cha kapu ndi foloko. Chizindikiro chimenechi ndiye chofunika kwambiri, chifukwa nambala imangonena mtundu wa pulasitiki, sikutsimikiza kuti chidebecho anachipangira zakudya. Ndipo chomwe chinasungapo mankhwala kapena mafuta a galimoto musachikhulupirire, ngakhale mutachitsuka chotani, poti pulasitiki amamwa zinthu zimenezi.

Zachitsulo ndinazisiya. Chitsulo wamba chimachita dzimbiri, pomwe chosachita dzimbiri chija n'chabwino koma chodula.

Tsopano papita masabata 4, chigubu chili pamthunzi, chotseka, ndipo ndimachitsuka sabata iliyonse. Ndikapisa chala m'mbali mwake simuterera, ndipo kubiriwira kuja sikunabwerenso.