Mpira wa achinyamata kapena mpikisano wa njinga?

Akuluakulu odziwa za kutsatsa malonda, tithandizeni maganizo. Kampani yogulitsa madzi a m'botolo, yomwe imadziwika ndi ukhondo ndi thanzi la banja, ili ndi ndalama zothandizira chochitika chimodzi chokha.

Mpikisano wa mpira wa achinyamata ndi wa miyezi itatu, ndipo owonerera ndi ambiri, makolo ndi ana omwe. Vuto ndi loti kampani ya mowa inatenga kale zikwangwani za kuseri kwa magolo, kumene makamera amaloza nthawi zambiri. Dzina la madzi likaoneka m'chithunzi chimodzi ndi mowa, makolo sangaganize kuti ndi amodzi?

Mpikisano wa njinga ndi wa tsiku limodzi, anthu ndi ochepa, koma wopalasa aliyense amalandira botolo m'manja ali ndi ludzu, komanso palibe wina wogulitsa zakumwa. Chodetsa nkhawa ndi mabotolo otayidwa m'mbali mwa msewu, chizindikiro chili poyera.

Kodi mumayeza bwanji, kuchuluka kwa maso kapena oyandikana nawo pa chikwangwani? Nanga mu mgwirizano mumalembamo chiyani kuti okonza asalowetse kampani ina ya zakumwa mutalipira kale, ndipo kutola zinyalala kumakhala kwa yani?