Zomwe tinakambirana pa foni Lamulungu za ndalama za maliro a agogo

Achimwene aakulu, Joni: Abale anga, ndikudziwa kuti ena munali pa shifiti, ena netiweki inakana, ndiye ndikufotokozereni zomwe zinatuluka pa foni ya Lamulungu madzulo. Kumudzi kunali amalume eni mbumba, azakhali ndi achemwali aakulu omwe anagwira kope la chipepeso. Kuno ndinali ndekha.

Ndalama zonse zomwe zinalowa pa maliro ndi K970,000. Bokosi K380,000, galimoto yochoka ku chipatala cha boma ku Ntcheu kufika kumudzi K120,000, chimanga matumba 4 a makilogalamu 50 omwe anawawerengera K220,000, mbuzi ziwiri K160,000, ndipo nyemba, shuga, mchere, nkhuni ndi chigayo zinadya K90,000. Chipepeso cha mpingo ndi anthu a m'mudzi chinakwana K310,000, monga anachiwerengera pa siwa. Abale akumudzi anasonkha K180,000. Yotsala ndi K480,000, ndipo ndi ngongole yomwe anthu akuyidikira. Ife okhala kunja tilipo 6, ndiye amalume anati aliyense K80,000, ifike mwezi uno usanathe.

Achemwali, Cape Town: Zikomo achimwene potiyimira. Ine ndinali ndi ana a abwana mpaka usiku. Ngongoleyo ndi ya ndani kwenikweni? Ndifunsa chifukwa pa maliro a amayi aang'ono tinatumiza koma sitinamve komwe inathera.

Achimwene aakulu, Joni: Funso limenelo ndinalifunsanso ine, achemwali. Wa mabokosi anapatsidwa K120,000 yokha, akudikira K260,000. Yotsalayo, K220,000, ndi ya chimanga cha azakhali. Apa mumvetse bwino: azakhali akana kulandira ndalama, akuti tiwabwezere matumba awo 4. Ine ndinaona kuti akunena zoona. Chimangacho anatapa pa chakudya cha ana awo, ndipo tonse tikudziwa momwe mtengo umakwerera tikamayandikira Januwale ndi Febuluwale. Tikawapatsa ndalama mochedwa, idzagula matumba atatu, lachinayi adzalira nalo okha. N'chifukwa chake ndalama zoyamba kufika zipita ku chimanga. Wa mabokosi anavomera kudikira mpaka kutha kwa mwezi.

Msuweni, Durban: Pepani akuluakulu, ine sindikumvetsa. Tsiku lomwe agogo anatisiya ndinatumiza K100,000. Tsopano ndiperekenso K80,000?

Achimwene aakulu, Joni: Asuweni, dzina lanu m'kope mulibe. Munatumiza kwa ndani?

Msuweni, Durban: Kwa amayi anga. Anagulira nsalu, sopo ndi buledi wa anthu ogona pa siwa, ina anakwerera minibasi kuchoka ku Balaka. Uthenga wake ndili nawo pa foni.

Achimwene aakulu, Joni: Palibe akukana kuti munatumiza, ndipo munathandizadi. Vuto ndi lakuti inalowera khomo lina, ndiye wogwira kope sanaione, komanso zomwe inagula sizili pa K970,000 ija. Tumizani chithunzi cha uthengawo muno. Amayi anu akakhale pansi ndi achemwali aakulu, asiyanitse zomwe zinathandiza anthu onse ndi zomwe zinali za ulendo wawo. Maganizo anga ndi akuti sopo ndi buledi ziwerengedwe. Koma dziwani kuti zomwe tikuchotserani inu zigwera ife asanu, chifukwa ngongole ya bokosi siichepa. Woweruza ndi amalume, ine ndingowafikitsira.

Alamu, pa famu ku Limpopo: Ine ndagwirizana nazo, tizisonkha mwezi uliwonse. Mnzathu wina atamwalira kuno tinavutika zedi. Pamafunika satifiketi ya imfa, kalata yokonza thupi, chilolezo chotulutsira maliro, ndi kalata ya ku ofesi ya kazembe wa Malawi, kenako galimoto idutse Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza. Thupi linakhala ku mochale masabata tikusakasaka ndalama.

Achemwali, Cape Town: Alamu, nkhani ya lero si imeneyo, tikukamba za ngongole ya maliro a agogo omwe tinaika kale. Koma mwanenazo zandikhudza, tisaziiwale.

Za katumizidwe, ine ndimati tipatse adalaivala a basi kapena anyamata otengera katundu kumudzi. Iwo amasintha randi pa mtengo wabwino kuposa ma ejenti, ndiye K80,000 imatuluka ndi marandi ochepa.

Achimwene aakulu, Joni: Za mtengo mwina mwalondola, achemwali, nthawi zambiri umakhaladi wokwererapo. Koma palibe risiti, ndipo ndalama imayenda masiku. Ine inandichitikira: ndinapatsa munthu envelopu ya fizi, anafika nayo yoperewera, iye akuti anawonongera pa boda, ndipo ndinalibe chogwira. Ya fizi ndinapirira chifukwa inali yanga ndekha. Iyi ndi ya anthu 6, ikaperewera tidzayamba kukayikirana pachibale.

Tinagwirizana chonchi. Aliyense atumize yekha, kaya pa Mukuru, Mama Money kapena Hello Paisa, komwe munazolowera, koma wolandira akhale mmodzi, achemwali aakulu. Musayambe ndi marandi. Onani kaye makwacha omwe afike, muonjezere marandi mpaka akwane, chifukwa mtengo umasintha ndipo makampaniwa amasiyana. Awiri mutha kutumiza marandi ofanana koma kumudzi n'kulandira zosiyana. M'kope alemba makwacha omwe alowa, osati marandi omwe mwatulutsa. Ndalama yotumizira ndi yanu, isadye pa K80,000. Ngati ikulowa pa Airtel Money kapena Mpamba, ikanipo kangachepe ka pamwamba, poti potapa amadulanso.

Dzina mulembe monga liliri pa chiphaso cha unzika. Achemwali aakulu timawaitana ndi dzina la kubanja, koma pa chiphaso pali la bambo awo. Ndakutumizirani aliyense payekha, muno sindiika.

Achemwali, Cape Town: Chabwino, ndamva. Komanso tisatumize tonse tsiku limodzi. Ejenti wa pa msika wathu uja ndalama zimamuthera msanga, angawabweze achemwali kapena kuwayendetsa mpaka pa boma.

Achimwene aakulu, Joni: Zoona zimenezo. Ine ndi alamu titumiza Lachisanu, inu ndi amalume aang'ono Loweruka. Zimenezo zikhala K320,000, chimanga chigulidwe, ndipo K100,000 ipite kwa wa mabokosi.

Mng'ono, Pretoria: Achimwene, ndakhala ndikuwerenga koma ndimasowa poyambira. Ntchito ya pa konsitirakishoni inatha masabata atatu apitawo, lendi sindinalipire. Agogo ndi omwe anandilera, zikundipweteka kuti maliro sindinaike, tsopano ndi ndalamanso ndilephere. Ndingakwanitse K30,000 basi.

Alamu, pa famu ku Limpopo: Pepa m'bale wanga. Tumiza yomwe uli nayo, usakatenge katapila chifukwa cha zimenezi.

Achemwali, Cape Town: Ine ndikuikira K25,000 pamwamba pa yanga. Koma funso langa ndi lakuti, tikumubwereka kapena tikumupatsa? Tinene lero, zisadzatuluke pa chiliza chaka chamawa.

Achimwene aakulu, Joni: K25,000 inayo ndiika ine, ndipo kwa ine si ngongole. Yanu munene nokha, achemwali. M'kope alembe dzina lake ndi K80,000 yathunthu, akumudzi safunika kudziwa zambiri.

Achemwali, Cape Town: Ndiyankhule kaye ndi bambo a kunyumba, ndikuyankhani mawa.

Msuweni, Durban: Chithunzi cha uthenga uja ndatumiza. Amayi akuti risiti ya sopo ndi buledi alibe, koma azimayi omwe amaphika anaona. Ndidikire mawu a amalume kapena nditumize theka kaye?

Achimwene aakulu, Joni: Tumizani K40,000 kaye, asuweni, kuti wa mabokosi aone kuti tikuyenda. Amalume ndiwaimbira Lachitatu akabwerako kudimba.