Kujambula macheza aatali a pa WhatsApp pachithunzi chimodzi

Wa ku Ndirande: Akuluakulu ndithandizeni. Katundu wafika pa Wenela koma a thiransipota akutchula mtengo wina. Ndikufuna achimwene ku Joni aone zonse zimene tinagwirizana pa WhatsApp. Macheza ake ndi aatali, ndijambule bwanji kamodzi? Foni ndi Samsung.

Mlonda wa ku Joni: Achimwene, yambani mwakwera pamwamba pomwe nkhani ya mtengo inayambira, chifukwa foni imajambula motsika basi. Mauthenga amene alembedwa Read more muwatsegule kaye, apo ayi mawu otsalawo sadzaoneka. Kenako dinani batani lozimitsira foni ndi lochepetsera mawu nthawi imodzi. Pansi pabwera kamzere ka zizindikiro, musankhe cha mivi iwiri yoloza pansi. Mukadina kamodzi imatsika pang'ono n'kulumikiza, ndiye muzidinabe mpaka pa uthenga womaliza. Musachedwe, kamzereko kamasowa pakangopita masekondi ochepa.

Mayi a ku Kepi: Ingowatumizirani mauthengawo ndi Forward, bwanji kuvutika?

Mlonda wa ku Joni: Ayi mayi, uthenga wa Forward umafika ngati wachokera kwa inu, suonetsa amene analemba ngakhale tsiku. Pa nkhani ya ndalama zimenezo ndiye zofunika. Chithunzicho chigwire nambala yawo pamwamba ndi madeti a pakati.

Wa ku Debeni: Mafoni onse ndi chimodzimodzi. Pa iPhone mumangodina Full Page.

Mlonda wa ku Joni: Full Page imabwera pa Safari mukamajambula tsamba, koma mu WhatsApp simuipeza. A iPhone azijambula chimodzichimodzi. Mafoni ena a Android 12 kupita m'tsogolo amalemba Capture more, mumakoka m'mphepete mwa chithunzi kufika pomwe mukufuna.

Wa ku Ndirande: Zatheka, ndatumiza. Koma akuti zilembo zafufutika, sakutha kuwerenga.

Mlonda wa ku Joni: Mwatumiza ngati chithunzi wamba. WhatsApp imachepetsa chithunzi kuti isadye bando, ndiye chachitali choterocho chimafinyika mpaka zilembo kukhala ngati nyerere. Dinani kachizindikiro kophatikizira, musankhe Document, mupeze chithunzicho mu foda ya Screenshots. Chimapita momwe chilili. Ndipo musapange chimodzi chotalika ngati msewu wa Midima, dulani pawiri kapena patatu, chachiwiri chiyambe ndi uthenga womwe choyamba chathera kuti asanene kuti mwabisa pakati.

Mayi a ku Kepi: Nanga mauthenga a mawu aja? Anthu amenewa mtengo amakonda kuutchula pakamwa.

Mlonda wa ku Joni: Amenewo pachithunzi pamangooneka kamzere ndi kutalika kwake, mawu palibe. Dinani timadontho titatu, More, Export chat, musankhe Include media kuti mawuwo apite nawo, koma bando ikhalepo yokwanira.

Wa ku Debeni: Yanga ndi itel, kamzere mukunenako sikakubwera.

Mlonda wa ku Joni: Tiuzeni mtundu wake weniweni kaye, ma itel amasiyana.