Mpunga wanyowa pa Chiweta, kapepala akuti alipira ya thiransipoti yokha

Tiwonge: Akuluakulu a zamalamulo, ndithandizeni maganizo. Kasitomala wanga ndi mayi wogulitsa mpunga mumsika waukulu muno mu Mzuzu. Anapangana ndi kampani ina ya mathiraki kuti imunyamulire matumba 120 a Kilombero kuchoka ku Karonga, pa mtengo wa K900,000. Thiraki inafa pokwera Chiweta, inagona pomwepo masiku awiri, mvula ikugwa, lona ali wong'ambika. Matumba 46 anafika atachita nkhungu, ndipo thumba limodzi amagulitsa K160,000. Kampani ikuloza kuseri kwa kapepala konyamulira katundu, pomwe palembedwa m'Chingerezi, timalemba ting'onoting'ono, kuti katundu akaonongeka pa chifukwa chilichonse iwo sadzalipira kuposa ndalama ya thiransipoti. Ndikufuna kuwalembera kuti ndime imeneyi yalephera muyeso woona ngati ndi yoyenera. Ndiyambire pati?

Wezi: Osavutika ndi muyeso achemwali. Kunyamula mpunga nthawi ya dzinja ndi lona wobooka ndi kuphwanya phata lenileni la mgwirizano. Ukaphwanya phata, ndime yodzitetezera imagwa yokha. Tinaphunzira choncho.

A Mhango: Wezi, tinaphunziradi, koma tinaphunziranso maliro ake. Mu 1980, pa mlandu wa Photo Production ndi Securicor, mlonda anayatsa moto dala fakitale n'kupsa, koma khothi lalikulu la ku Mangalande linati palibe lamulo loti ndime imafa yokha chifukwa cholakwacho n'chachikulu. Umawerenga mawu ake n'kuona ngati akukwirira zomwe zachitikazo. Kampani ya alonda inapulumuka. Ukalemba zimenezo, loya wa mbali inayo akuyankha ndi mzere umodzi.

Tiwonge, iwenso dekha. Muyeso ukunenawo ukuutenga m'lamulo liti?

Tiwonge: Unfair Contract Terms Act, bwana.

A Mhango: Limenelo ndi la ku Britain, la 1977. Ife tinalandira malamulo a ku Mangalande amene ankagwira ntchito pa 11 Ogasiti 1902, pamodzi ndi mfundo zochokera m'zigamulo za makhothi awo. Zigamulo zawo zapambuyo pake oweruza athu amazimvera zikamveka, koma lamulo lomwe nyumba yawo ya malamulo inapanga mu 1977 silimanga munthu ku Karonga. Mabuku ambiri amene tinawerenga analembedwera ophunzira a kumeneko, n'chifukwa chake achinyamata mumalitchula ngati lathu. Ineyo ndinachitapo manyazi nalo pamaso pa woweruza, sindifuna ndikuone iwenso.

Yamba ndi funso ili: ndimeyo inalowa liti mu mgwirizano? Anagwirizana bwanji, ndipo anasaina ndani?

Tiwonge: Anagwirizana pafoni Lolemba, mayiyo n'kutumiza theka la ndalama pafoni tsiku lomwelo. Kapepalako kanabwera ndi dalaivala Lachitatu popakira. Anasaina ndi mphwawo wa mayiyo, mnyamata yemwe amawerengera matumba.

A Mhango: Ndiye mlandu wako uli pamenepo. Mgwirizano unapangidwa Lolemba. Chobwera Lachitatu n'chobwera mochedwa. Ukumbukire mlandu wa Olley wa 1949: alendo analipira chipinda cha hotela pakauntala, chidziwitso chokana udindo n'kuchipeza atalowa kale m'chipinda, ndipo khothi linati sichiwamanga.

Nyagondwe: A Mhango, ndikugwirizana nanu theka. Siginecha musaipeputse. Kuyambira mlandu wa L'Estrange mu 1934, munthu akasaina chikalata cha mgwirizano chamumanga, wawerenga kapena sanawerenge. Ine ndimaimira onyamula katundu, ndipo ndikanakhala mbali inayo ndikananena kuti mnyamatayo anatumidwa ndi mwini katundu, dzanja lake ndi dzanja la mayiyo.

A Mhango: Anatumidwa kukatani, mama? Kukawerenga matumba. Amene akusaina kuti "ndapakira 120" sakuganiza kuti akusintha pangano la azakhali ake. Kapepala kamene munthu wamba angakaone ngati lisiti chabe khothi silikatenga msanga ngati chikalata cha mgwirizano.

Nyagondwe: Zimatengera kutsogolo kwake kwalembedwa chiyani. Ngati pafupi ndi posainira pali mawu oti onani mfundo kuseri, nkhani yasintha. Ndipo funso lina Tiwonge sanaliyankhe: kodi aka n'koyamba mayiyu kugwiritsa ntchito kampaniyi?

Tiwonge: Ayi. Akuti ndi ulendo wachisanu m'miyezi isanu ndi itatu. Timapepala tiwiri takale ali nato, tina anataya.

Nyagondwe: Mwaona. Adzati mayiyu ankadziwa kale mfundo zawo chifukwa cha maulendo am'mbuyo, choncho ngakhale apangane pafoni, apangana pa mfundo zomwezo.

A Mhango: Pamenepo ndiye pali nkhondo yeniyeni, sindikana. Pa mlandu wa Hollier mu 1972, munthu anapangana pafoni ndi galaja, galimoto n'kupsera komweko. Anali atakonzetsako galimoto katatu kapena kanayi m'zaka zisanu, n'kusainapo fomu yawo maulendo ena, ndipo khothi linati n'kochepa kuti tinene kuti ndi chizolowezi. Kasanu m'miyezi isanu ndi itatu n'kothinana kuposa pamenepo. Tiwonge, funsa ngati maulendo onsewo kapepala kankaperekedwa, komanso ankasaina ndani. Ngati nthawi zina kanalipo nthawi zina ayi, chizolowezi palibe.

Gift: Pepani kulowerera mabwana. Zimenezi n'zofanana ndi zija za "katundu akagulidwa sabwezedwa"? Ine ndinagula batire ya sola pa shopu ina mutauni, inafa sabata yomweyo, akundiloza chikwangwani.

Nyagondwe: Zako n'zosavuta Gift. Iwe ndiwe wogula wamba, ndipo malamulo athu a mpikisano ndi chilungamo pa malonda salola wogulitsa kukana udindo pa katundu wolakwika. Lembera ku CFTC, bungwe loona za malamulo amenewa, lisiti usataye. Za mayiyu n'zina, chifukwa ananyamulitsa mpungawo kuti akagulitse.

Tiwonge: Ndiye Consumer Protection Act ya 2003 singandithandize? Ndikukumbuka kuti imakamba za mafomu osindikiziratu, kuti malemba ake aziwerengeka ndi maso wamba komanso pakhale kumasulira m'chilankhulo chakwathu. Mayiyu Chingerezi sawerenga.

Nyagondwe: Imakamba. Vuto ndi khomo lolowera: kodi wamalonda amene wagula ntchito yonyamula katundu wa bizinesi yake ndi wogula amene lamulolo likumuteteza? Kawerenge tanthauzo la mawuwo koyambirira kwa lamulo, liwu ndi liwu. Ine ndingatsutse kuti sali.

A Mhango: Ine ndingati ali, poti ntchito yonyamulayo waigwiritsa yekha, sanaigulitsenso. Ika ngati mfundo yachitatu, osati yoyamba.

Yachiwiri ndi kawerengedwe ka mawu. Ndime yokana udindo ikamveka pawiri, khothi limaiwerenga moipira amene anailemba, makamaka ikafuna kukwirira kusasamala kwa mwini wake. Kodi mawu oti kusasamala alimo?

Tiwonge: Mulibe. Angoti "pa chifukwa chilichonse".

Nyagondwe: Mawu amenewo ndi otambalala mokwanira, makhothi anawalolapo kukwirira kusasamala. Komanso iyi si ndime yokaniratu udindo, ndi yoika malire. Oweruza amaifewera ndime ya malire chifukwa amaona kuti ikugwirizana ndi mtengo wotsika umene munthu walipira.

Wezi: Ndiye muyeso uja ulibiretu ntchito kwa ife?

A Mhango: Uli nayo, koma osati ngati chibonga. Mafunso ake ndi amene woweruza aliyense amadzifunsa mumtima, ndipo pokambirana kunja kwa khothi amaluma. Taona momwe amayendera ku Britain. Ndimeyo imayezedwa pa nthawi imene mgwirizano unkapangidwa, osati ngozi itachitika, ndipo amene akubisala kuseri kwake ndiye ayenera kuonetsa kuti ndi yoyenera. Amafunsa: ndani anali ndi mphamvu pokambirana? Kasitomala akanapeza wina wopanda ndime yotere? Anapatsidwa mwayi wolipira zochulukirapo kuti malire akwere? Ankaidziwa? Ndipo pa ndime ya malire, ndani akanagula inshulansi mosavuta?

Mlandu umene ndimaukonda ndi wa George Mitchell ndi Finney Lock Seeds, wa 1983, ngakhale unagamulidwa pa lamulo la malonda a katundu lomwe linali ndi muyeso wofanana. Alimi anaitanitsa mbewu ya kabichi ya £201.60, anapatsidwa mtundu wolakwika, maekala 63 osakolola kanthu, chitayiko kupitirira £61,000. Ndime inati wogulitsa abweza mtengo wa mbewu basi. Khothi linavomera kuti mawu ake ndi omveka, komabe linakana kuti wogulitsa aidalire. Cholakwacho chinabwera ndi kusasamala, wogulitsa akanatha kugula inshulansi osakweza mtengo kwenikweni, ndipo mboni zake zomwe zinaulula kuti dandaulo likakhala loona iwo amalipira kuposa malirewo. Khothi linati ndiye kuti eni akenso sakhulupirira kuti ndimeyo ndi yachilungamo.

Bweretsa kwa mayi wako. Katundu yense anali wa K19,200,000, malire K900,000, osafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo makumi awiri. Lona ali m'manja mwa ndani? Wa kampani. Fufuza kwa amayi anzake mumsika ngati kampaniyi inalipirapo wina kuposa ya thiransipoti.

Nyagondwe: Koma tinene zoona, mbali inayo ili ndi yankho. Wodziwa mtengo wa katundu ndi mwini wake. Dalaivala sadziwa ngati m'thumba muli Kilombero kapena gaga. Ndipo mathiraki opita ku Karonga si amodzi, mayiyo akanasankha wina. Ine makasitomala anga ndimawauza kuti pafomu pakhale mzere woti mwini katundu alembe mtengo wake, ndi mitengo iwiri, wotsika wokhala ndi malire ndi wokwererapo wokhala ndi inshulansi. Fomu yotere ndi yovuta kuigwetsa kulikonse. Iyi ilibe zimenezo, ndiye pofooka pake.

Tiwonge: Chinanso, mpunga wonyowawo sanautaye. Anauyanika n'kugulitsa kwa oweta nkhuku pa K40,000 thumba.

Nyagondwe: Wachita bwino, koma uchotsere. Chitayiko ndi K120,000 pa thumba, kuchulukitsa ndi 46, ndi K5,520,000, osati K7,360,000. Ukapempha yonse akugwira bodza ndipo kalata yonse ifooka. Upeze umboni wa amene anagula, ndi zithunzi za lona ngati zilipo.

Wezi: Zithunzi mnyamatayo ayenera ali nazo, achinyamata sasiya kujambula.

A Mhango: M'kalata ufunse zinthu ziwiri: makope a timapepala ta maulendo onse asanu, ndi dzina la kampani yawo ya inshulansi ya katundu wa pamsewu. Ngati ali nayo, nkhani itha kuthera kumeneko. Lamulo la 1977 usalitchule.

Tiwonge: Ndamva bwana. Ndangoyang'ananso chithunzi cha kapepalako. Kutsogolo, pansi penipeni, pali mawu oloza kuseri, koma chidindo cha kampani chagwera pomwepo, theka lake silikuwerengeka.

Nyagondwe: Ndi pa kope la mayiyo pokha kapena pa lawonso? Tumiza kuno ndione.