Funso: maginito pamwamba pa koyilo yozungulira, buku likuti 45 koma ine ndi foni yanga tikupeza 75

Mphunzitsi wa ku Ngabu:
Akuluakulu a fizikisi pa gulu pano ndithandizeni, ndikukonzekera mayeso a ku koleji kwinaku ndikuphunzitsa. Ndakulunga waya wa kopa maulendo 20 pa jagi ya pulasitiki ya masentimita 12 kukamwa kwake, choncho R ndi masentimita 6. Ndavula koyiloyo, ndaimanga ndi tepi, ndaigoneka pa tebulo. Karenti ikuchokera ku batire ya sola kudzera pa babu, mita ikuwerenga 1 A. Ndikufuna mphamvu ya maginito pa mzere wodutsa pakati pa koyilo, masentimita 8 pamwamba pake.

Ndatenga kachidutswa ka waya dl. Mtunda wake kukafika pamalopo ndi r, ndipo pa 6 ndi 8 r akutuluka masentimita 10. Popeza dl ndi r apanga ngodya ya madigiri 90, lamulo la Biot ndi Savart likupereka

```
dB = μ0 I dl / (4π r²)
```

Ndaphatikiza tizidutswa tonse kukhala 2πR, ndachulukitsa ndi 20, ndapeza 75 µT. Fomyula ya m'buku ikupereka 45 µT. Ndayika foni pa thabwa pamwamba pa koyilo, pulogalamu yoyezera maginito yawonetsa 74. Kodi buku ndi limene lalakwitsa, kapena pali chimene sindikuchiwona?

Wa fomu 4 ku Bangula:
Aphunzitsi, tizidutswa toyang'anizana timafafanizana, simungangophatikiza. Tengani mbali yokhayo yotsata mzere wa pakati, muchulukitse ndi z/r, kutanthauza 8/10. Mupeza 60.

Mayi wa labu ku Chikwawa:
Mwanawe wa ku Bangula, zofafanizanazo wanena zoona, koma z/r ayi. Iyese pakati penipeni pa koyilo, pamene z ndi 0. Njira yako ikupereka ziro, chikhalirecho pa mzere wonsewo pamenepo ndi pamene maginito ali amphamvu kwambiri.

Aphunzitsi, dB yanu ili bwino. Vuto lili pa kuphatikiza, chifukwa dB ili ndi kumene yaloza, ndipo tizidutswa tonse sitiloza kumodzi. Ganizirani denga la nkhokwe. Koyilo ndi mkombero wa pansi pa denga, malo mukuyezawo ndi nsonga, ndipo r aliyense ndi phaso lochokera pa mkombero kukafika pa nsonga. Kachidutswa kalikonse kamapereka dB yosatsata phaso lake, koma yopingasa pa phasolo ndi madigiri 90, komanso yopingasa pa waya. Denga likakhala lafulati, chopingasa pa phaso chimaloza kumwamba. Denga likakhala losongoka kwambiri, chopingasacho chimaloza pafupifupi cham'mbali. Mbali ya cham'mbaliyo imafafanizidwa ndi kachidutswa ka tsidya lina la mkombero, kamene kakukokera kwina mofanana. Yotsala ndi yoloza kumwamba yokha, ndipo gawo lake ndi R/r.

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. z/r ndi gawo la phaso lenilenilo loloza kumwamba. Koma dB yatembenuka madigiri 90 kuchoka pa phaso, ndiye z ndi R asinthana malo.

Kwa inu R/r ndi 6/10. Chulukitsani 75 yanu ndi 0.6, mupeza 45. Mukalemba zonse pamodzi:

```
B = μ0 N I R² / (2 (R² + z²)^(3/2))
μ0 = 4π × 10^-7 T·m/A
```

Mphamvu ya 3/2 imene imawopsa anthuyo ndi r katatu basi: awiri ochokera ku lamulo la Biot ndi Savart, mmodzi wochokera ku R/r. Njira yachangu yodziyesera ndi iyi. Pakati pa koyilo yanu B ndi μ0NI/2R, pafupifupi 209 µT. Pamalo ena alionse pa mzerewo chulukitsani 209 ndi R/r katatu. 0.6 katatu ndi 0.216, ndipo 209 kuchulukitsa 0.216 ndi 45.

Mphunzitsi wa ku Ngabu:
Zikomo amayi, za R/r zamveka. Nanga foni bwanji ikuvomereza 75?

Wokulunga mamota ku Nchalo:
Achimwene, ine mamota a mapampu ndimakulunga tsiku ndi tsiku. Koyilo yopanda chitsulo m'kati ndi yofooka, lowetsani bawuti pakati muwone mmene ikokere. Komanso kwathu kuno kukatentha masana waya wa kopa amalimba kudutsitsa karenti, ndiye manambala anu sangakhazikike. Ndinamvanso kuti fomyula ya koyilo ndi μ0 n I, bwanji osagwiritsa imeneyo?

Mayi wa labu ku Chikwawa:
Bambo a ku Nchalo, μ0 n I ndi ya koyilo yaitali ngati paipi, ndipo imanena za m'kati mwake. Ya aphunzitsiwa ndi mkombero wopyapyala. Bawuti iwonjezeradi mphamvu, koma ikalowa fomyula yathuyi yatha ntchito, chifukwa chitsulocho chimasanduka maginito pachokha. Za kutentha ndi zoona, kopa akatentha karenti imatsika pang'ono, koma bola mita ikhale yolumikizidwa nthawi yonse n'kumawerenga karenti pa mphindi imene mukuyezayo.

Tsopano za foni. Foni siiwona koyilo yokha, ikuwonanso maginito a dziko lapansi, amene kuno kwathu ndi pafupifupi 30 µT. Poyerekeza ndi 45, chimenecho si chinthu chaching'ono. Ndiponso kum'mwera kwa ikweta mizere ya maginito a dziko imatuluka m'nthaka mopendekera kumwamba, choncho koyilo yogona pa tebulo ikaloza kumwamba, ziwirizi zimawonjezerana. 74 yanu ndi ya koyilo ndi ya dziko pamodzi, yangofanana ndi 75 mwangozi.

Chitani izi. Pa pulogalamuyo musawerenge nambala ya zonse pamodzi, werengani ya z yokha, imene pa foni yogona chagada imaloza kumwamba. Lembani nambalayo. Osasuntha foni ngakhale pang'ono, sinthanitsani mawaya pa batire kuti karenti ibwerere kwina, mulembenso. Ya dziko siisintha, ya koyilo ndiyo itembenuka. Chotsani yachiwiri pa yoyamba, mugawe pawiri, yotsalayo ndi ya koyilo. Batire, babu ndi mawaya opita kumeneko zikhale patali, ndipo mawaya awiriwo muwapotere pamodzi kuti maginito awo afafanizane.

Wa fomu 4 ku Bangula:
Bwanji osangozimitsa karenti n'kuchotsera?

Mayi wa labu ku Chikwawa:
Zimathekanso mwanawe. Kutembenuza ndimakukonda chifukwa kusiyana kwa manambala kumakula kawiri, ndiye kugwedera kwa foni sikukupweteka kwambiri.

Mphunzitsi wa ku Ngabu:
Ndayesa madzulo ano. Pa z ndapeza 72, nditatembenuza karenti ndapeza −22. Kusiyana ndi 94, theka lake 47. Ili pafupi ndi 45 koma siinafike ndendende.

Mayi wa labu ku Chikwawa:
Ndipo pakati pa 72 ndi −22 pali 25, imeneyo ndi mbali ya maginito a dziko yoloza kumwamba. Za 47, ine ndikukayikira mtunda. Kachipangizo koyezera kali penapake m'kati mwa foni, kawirikawiri osati pakati pake, ndipo B imasintha msanga pamenepa: pa masentimita 7 ndi pafupifupi 58, pa masentimita 9 ndi pafupifupi 36. Kuphonya ndi mamilimita awiri okha kukukwanira kupereka 47. Yendetsani kamsomali pamwamba pa foni, pamene nambala ilumphe kwambiri ndi pamene pali kachipangizoko, ndipo pamenepo ndi poyenera kukhala pa mzere wa pakati. Masentimita 8 muwayeze kuchokera pakatikati pa mtolo wa waya, osati pa tebulo.

Wokulunga mamota ku Nchalo:
Ine ndikuti ndi misomali ya m'tebulo. Komanso mutavula koyilo pa jagi, mwayezanso kukula kwake? Waya akamasuka amafutukuka, ndimaziwona pa ntchito.

Mphunzitsi wa ku Ngabu:
Sindinayezenso bambo. Tebulo lake ndi la miyendo yachitsulo. Mawa ndikayesera pa mphasa pakhonde, ndiyezenso R mbali ziwiri, ndipo nditenganso z ya masentimita 4 ndi 12 kuti tiwone ngati kusiyanako kukutsata mtunda.